Ndikawafunsa amangoyang'ana pansi: ana pa tereinu tiziwakonza bwanji?

Misita_wa_Domwe

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi ana 18 a zaka za pakati pa 10 ndi 12, timakumana Lachiwiri ndi Lachisanu akaweruka kusukulu, pa kampu ina kuno ku Domwe. Mipira yeniyeni tili nayo iwiri, wachitatu ndi chikulunga. Mwezi wathawu mnzanga amene anakachita kosi ku Tete anandiuza kuti masiku ano mwana sakalipiridwa, umamufunsa mafunso kuti apeze yekha pamene walakwitsa, ndipo pomukonza uziyamba ndi kumuyamikira. Ndinati chabwino, tiyese.

Lachisanu lapitali timasewera meinyu, anayi kunja, mmodzi pakati wolanda mpira. Pali kamnyamata kena ka zaka 11, kolimbikira kwambiri, koma mpira ukakapeza kamauimitsa pakati pa miyendo, n'kuwerama kumauyang'ana, wapakati n'kufika n'kulanda. Kanalowa pakati kasanu tisanathe ndi mphindi khumi zomwe. Ndinaimba wenzulo, onse anaima, n'kukafunsa kuti, "Iwe, ukuganiza kuti ukulakwitsa chiyani?" Zii. "Nanga ukanapanga bwanji?" Zii. Kanangozolika n'kumakumba dothi ndi chala chakuphazi. Anzake anayamba kuseka, ine n'kuti "koma ukuyesetsa" kuti ndikatonthoze, kuseka n'kuchita kunyanya. Lachiwiri sikanabwere.

Kale ndikanangokuwa kuti "dzutsa mutu!" masewera n'kumapitirira. Ndiye njira yamafunsoyi ndi ya ana athu ano, kapena ndine ndalakwitsa kafunsidwe?

ChingaleMpakaKale

Zakuyambani dala zimenezo achimwene. Ife anatiphunzitsa mpira ndi mawu okweza ndipo palibe anafa. Mwana wa zaka 11 angadziwe bwanji chimene walakwitsa? Akanachidziwa bwenzi akuchichita. Muuzeni basi.

Zobwe_Kabaza

Mafunso ndi abwino misita. Ine mwana wanga ndimamufunsa madzulo aliwonse: timu imakhala ndi anthu angati, kona imamenyedwa zikatani, khadi lofiira ndi la chiyani. Pano amayankha zonse osaphonya. Alembereni pa pepala akaloweze kunyumba.

Mai_a_Mapasa

A Zobwe, si mafunso a mayeso akunenedwa pano. Werenganinso bwino.

Zobwe_Kabaza

Aaa pepani, ndimawerenga ndili pa siteji ndikudikira kasitomala.

Aphunzitsi_Ulongwe

A Misita, ndakhala ndi ana a pulayimale pa bwalo zaka zambiri ndithu, ndipo zimene zakuchitikiranizi inenso zinandichitikira. Poyamba ndinene za funso lanu lija. "Ukulakwitsa chiyani?" m'makutu a mwana si funso, ndi mlandu. Kwathu kuno mwana akamva wamkulu akufunsa choncho amadziwa kuti chotsatira ndi chilango, ndipo mwana woleredwa bwino sayankha, amazolika. Ndiye kamnyamatako kanachita zimene kanaphunzitsidwa kunyumba. Kuwonjeza apo munaimitsa onse, maso a ana 17 ali pa iko. Ngakhale inu, akuimikeni pakati pa msonkhano wa kwa amfumu n'kukufunsani chimene mwalakwa, mungayankhe msanga?

Koma musanafike pa kafunsidwe, pali chinthu choyenera kuchidziwa kaye: mwanayo sakuona, kapena phazi lake silitha? Izi ndi nthenda ziwiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Kuzisiyanitsa n'kosavuta. Chotsani wapakati uja, anayiwo azingopatsirana, inu muime pambali n'kumuyang'ana kasanu kapena kasanu n'kamodzi osalankhula kanthu. Ngati popanda womuthamangira mpira ukumugundabe n'kuthawa mapazi awiri atatu, vuto ndi phazi. Pamenepo a Chingale akunena zoona, funso silithandiza, mwana sangapeze m'mutu mwake chimene mwendo wake sunachitepo. Mumamuonetsa: phazi lidzuke pang'ono kuchoka pansi, lilandire ndi mkati, libwerere m'mbuyo pang'ono ngati mmene timawakhira dzira kuti lisasweke. Mawu ochepa, kuonetsa kawiri, ayese yekha kambirimbiri.

Koma ngati popanda wapakati akulandira bwinobwino, ndipo zimasokonekera pokhapokha wina akamubwerera, ndiye kuti phazi lilibe mlandu. Sanaone kumene mdani akuchokera, ndipo anayamba kuganiza mpira utafika kale. Apa ndi pamene funso limagwira ntchito, chifukwa chimene mukufuna kusintha ndi kumene maso ake amapita mpira usanafike.

Misita_wa_Domwe

Aphunzitsi, popanda wapakati kamalandira bwino kwambiri, mwina kuposa onse. Ndiye n'zachiwirizo. Nanga ndikanafunsa kuti chiyani?

Aphunzitsi_Ulongwe

Mukanasiya masewera azipitirira. Mukanaika mwana wina pamalo pake, inu n'kumutengera pambali mapazi asanu, n'kugwada kapena kunjuta kuti musamuyang'ane kuchokera m'mwamba, nonse awiri maso ali ku meinyu osati pa wina ndi mnzake. Zimenezi zokha zimamasula mwana pakamwa, chifukwa simukumukakamiza kukuyang'anani m'maso.

Funso loyamba likhale la chinthu chimene anachiona, osati chimene analakwa. "Pamene mpira umabwera kwa iwe, wapakati uja anali kuti?" Mukafunsa, khalani chete. Werengani mumtima mpaka 5, pang'onopang'ono. Ife akuluakulu timaopa zii, timafunsa funso lachiwiri mwana asanameze n'komwe loyamba, kenako timadziyankha tokha. Inu munafunsa awiri motsatizana, ndipo lachiwiri linali lolemera kuposa loyamba.

Akakhalabe chete, lichepetseni likhale la kusankha: "Amachokera kumanja kwako kapena kumanzere?" Akakhalabe chete, musafunenso mawu, nenani kuti "loza ndi chala." Ana ambiri amene satsegula pakamwa amaloza msanga. Akaloza kumanja, funso lomaliza ndi lakuti, "Ndiye mpira ukanaukankhira mbali iti?" Aloza kumanzere. Basi, mwamaliza. "Pita ukayese." Zonsezi zisathe mphindi imodzi, makamaka nyengo ino ya chisanu cha ku Angonia, mwana akaima nthawi yaitali amauma thupi.

Nthawi zina ayankha kuti "sindinamuone." Musakhumudwe, limenelo ndiye yankho labwino kuposa onse, chifukwa watchula yekha nthenda yake. Mumangoti, "Ehe. Ndiye ulendo uno umuyang'ane liti, mpira utafika kapena udakali kwa mnzako?"

ChingaleMpakaKale

Zonsezo kwa mwana mmodzi, enawo 17 akuwayang'anira ndani? Mawu awiri oti "dzutsa mutu" akunena zomwezo ndipo satha ndi mpweya umodzi womwe.

Aphunzitsi_Ulongwe

Madala, "dzutsa mutu" mwamukuwira mpira uli kale pamapazi, mochedwa. Adzutsadi mutu, koma ayang'ana inu amene mwakuwa, osati mdani. Ndaziona kambirimbiri, mwana akudzutsa mutu n'kuyang'ana kwa misita, mpira n'kupita. Komanso tsiku la gemu simungakuwire ana onse nthawi imodzi. Za enawo 17 mukunena zoona ndithu, n'chifukwa chake sindichita zimenezi kwa aliyense. Pa tereinu imodzi nditengera pambali ana atatu kapena anayi, ena adikire tsiku lina.

Kalipentala_Furankungo

Ine za mpira sindidziwa, ndimaphunzitsa anyamata ukalipentala pa shedi yanga. Koma nkhaniyi ndaimva. Mnyamata akagwira tchizulo n'kuika dzanja lina kutsogolo kwa kumene ikulowera, sindifunsa kuti "ukuganiza bwanji," ndimakuwa pompo n'kumulanda, chifukwa pofika pomaliza funso chala chapita. Koma akapala thabwa n'kutuluka lokumbikakumbika, apo ndimamupatsa thabwalo kuti alisisite ndi dzanja, n'kumufunsa kuti mitsempha ya mtengowu ikulowera kuti. Akasisita amamva yekha kuti amapala mobwerera. Amene ndinangomuuza amaiwala mawa lake, amene anasisita saiwala. Ndiye ine ndimati zoopsa kuwa, zofuna diso funsa.

Mai_a_Mapasa

Ndilankhuleko monga kholo. Ana anga awiri amapita ku mpira komwe tikukhala kuno, ndipo misita wawo ndi munthu wabwino, sakalipa ngakhale pang'ono. Koma ali ndi kachizolowezi kena. Mwana aliyense amamuuza kuti "wachita bwino, koma..." Tsiku lina wamkuluyo, ndikunena amene anayamba kubadwa, anafika kunyumba nkhope ili gwaa. Ndinafunsa, akuti misita wanena kuti ndachita bwino. Ndinati nanga si zabwino zimenezo? Akuti ayi amayi, akati wachita bwino ndiye kuti walakwitsa. Mwaona? Ana anazindikira kalekale kuti kuyamikirako ndi shuga wopaka pa mankhwala owawa. Ndiye a Misita a ku Domwe, "koma ukuyesetsa" wanu uja anzake anaseka chifukwa anadziwa kuti mukungokapepesa.

ChingaleMpakaKale

Ehee! Mayi mwandilankhulira. Kunamiza ana kumeneko. Mwana walowa pakati kasanu, mukuti akuyesetsa?

Atsikana_a_Tsangano

A Chingale musathamange, mayiwa sananene kuti tizikalipa. Anena kuti kuyamikira kopanda dzina n'kwachabe. Ine ndili ndi atsikana 14, ambiri amabwera atachoka kokumba mbatata ya kachewere, otopa kale, ndipo ndikangokweza mawu sabata yotsatira ndimatsala ndi asanu. Chimene ndinaphunzira n'chakuti ukayamikira utchule chinthucho. "Bwino" yekha sauza mwana kanthu. Koma ndikati, "Ndaona unacheuka mpira usanafike, n'chifukwa chake sanakulande," mwanayo wadziwa chimene achitenso, ndipo ena onse amene amva adziwa chimene ndikufuna.

Ndiye njira yanga pa vuto ngati la ku Domweli ndi yaulesi. Wolakwitsayo sindimukhudza n'komwe poyamba. Ndimadikira mnzake wa m'gulu lomwelo achite chimene ndikufuna, ndiye ndimachitchula mokweza ndi dzina lake, masewera osaima. Mphindi ziwiri zisanathe umaona timitu tonse tikucheukacheuka ngati nkhuku zaona kabawi. Amene sasintha ngakhale pamenepo ndi amene ndimamutengera pambali monga anenera aphunzitsi.

Chenjezo lokha, osamatchula mwana mmodzimodzi yemweyo tsiku lililonse. Ndinalakwitsapo zimenezo, anzake anayamba kumumana mpira n'kumamutcha mwana wa misita.

Aphunzitsi_Ulongwe

Achemwali a ku Tsangano anena zenizeni. Ndiwonjezere pa nkhani ya "koma" ya mayi aja. Kukonza mwana mwaubwino sikutanthauza kubisa cholakwa, a Chingale. Kumatanthauza kumuuza chochita m'malo momuuza chosachita. "Usaimitse mpira pakati pa miyendo" wamuuza malo amodzi oletsedwa, koma sanadziwe kuti auike pati. "Ulandire ndi phazi lakutali" wamupatsa ntchito. Phazi lakutali ndi lija lili kutali ndi kumene mpira ukuchokera. Mpira ukachokera kumanzere kwake, aulole udutse kutsogolo kwa thupi n'kuulandira ndi lamanja. Akatero chifuwa chimatseguka chokha n'kuyang'ana m'bwalo, ndipo amaona anzake awiri m'malo mwa mmodzi. Simunatchule cholakwa, koma cholakwacho chachoka.

Ndipo chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ife tikaona mwana timaona zolakwa zinayi ndipo timafuna kuzitula zonse. Sankhani chimene chikakonzeka zinazo zichepa, zotsalazo mezani.

Malasha_Mowatize

Inu a kumapiri mukudandaula chisanu, bwerani kuno mu Okutobala muone. Ukaimitsa ana pa dzuwa la ku Mowatize kuti uwafunse mafunso, ofunika kufunsidwa mutu ndiwe. Ife zokamba zonse timakambira pansi pa mtengo nthawi yomwa madzi. Komanso ndifunseko, ana amenewa mumawalankhula Chipwitikizi kapena Chichewa? Ine ndinaona kuti ndikafunsa m'Chipwitikizi amayankha awiri okhaokha omwe amakhoza m'kalasi, ena onse duu.

Atsikana_a_Tsangano

Mawu ofuula pa gemu, aja afupiafupi, timanena m'Chipwitikizi chifukwa ndi omwe amamva pa wailesi ndi pa kanema. Koma funso lofuna kuti mwana aganize, Chichewa basi. Ukafunsa m'Chipwitikizi amaona ngati ali m'kalasi, amayamba kuopa kulakwitsa chilankhulo m'malo moganiza za mpira.

Malasha_Mowatize

Kuno n'kovutirapo, theka ndi a Chinyungwe. Ndimasakaniza mpaka ine mwini kusokonezeka.

ChingaleMpakaKale

Ndikufunseni nonsenu, anyamata a Songo amene anatenga Moçambola mu 2017 ndi 2018, n'kudzatenganso mu 2022, mukuganiza kuti amafunsidwa kuti "wapakati anali kumanja kapena kumanzere"? Mpira ndi nkhondo abale.

Zobwe_Kabaza

Madala, dzina lanu ndi Chingale koma zikho mukuwerenga za Songo. Zanu zili kuti?

ChingaleMpakaKale

Iwe Zobwe samala. Timu ya mumzinda wa Tete ndi Chingale, enawo ndi magetsi a Cahora Bassa akuwawalitsa.

Malasha_Mowatize

Hahaha zayambika. Koma kunena zoona muyang'aneni Reinildo akamalandira mpira kumbali yakumanzere kuja, mutu umakhala utazungulira kale mpira usanafike. Munthu anachoka ku Beira mpaka kukatenga ligi ya ku France ndi Lille mu 2021. Ana ndimawauza kuti akamaonera Mambas asamangotsatira mpira, asankhe munthu mmodzi n'kumayang'ana mutu wake.

Mai_a_Mapasa

Abambo inu, mwanayo sanabwere Lachiwiri. Mwaiwala? Za Songo zikamubweza?

Misita_wa_Domwe

Zikomo mayi. Ndinapita kwawo dzulo madzulo. Ndinapeza agogo ake akusenda nyemba pakhonde, ndinapereka moni n'kunena kuti ndabwera kudzapepesa kwa mdzukulu wawo. Agogowo anadabwa, akuti wamkulu sapepesa kwa mwana, ngati walakwa mukwapuleni. Ndinati ayi sanalakwe, ndine ndinamuimika pakati pa anzake. Kamnyamatako kanali kuseri kwa nkhokwe kakumvetsera. Kati kabwera Lachisanu. Aphunzitsi, pali china choti ndikonze tisanayambe?

Aphunzitsi_Ulongwe

Chilipo, ndipo ndinayenera kufunsa poyamba pomwe. Bwalo la meinyu wanuyo ndi lalikulu bwanji?

Misita_wa_Domwe

Ndimaika zitsononkho m'makona anayi, mapazi anga asanu ndi limodzi mbali iliyonse.

Aphunzitsi_Ulongwe

Ndiye theka la mlandu ndi la zitsononkho. Mapazi 6 ndi a anthu amene mpira umawamvera kale. Kwa ana a msinkhu umenewo, pa kampu ya mabampu ngati zathuzi, yambani ndi mapazi 10 mbali iliyonse. Pa mapazi 6 wapakati amafika mpira usanakhazikike, ndiye ngakhale mwana atayankha mafunso anu onse molondola alibe nthawi yochita zimene wayankhazo. Mukaona kuti anayiwo akupatsirana kasanu ndi katatu kapena kakhumi osalandidwa, chepetsani phazi limodzi. Mukaona kuti sakufika ngakhale katatu, kulitsani. Nthawi zambiri kusuntha chitsononkho kumakonza zimene pakamwa pakanalephera.

China, yang'aniraninso amene akumupatsira. Ngati mnzake akumuponyera mpira wodumphadumpha kapena wolunjika pakati pa miyendo, wolandirayo tizimunamizira chabe.

Komanso lekani funso lija timalikonda tonse pomaliza kufotokoza, lakuti "mwamva?" Ana amayankha "eee" onse pamodzi ngati kwaya, kaya amva kaya sanamve. M'malo mwake nenani kuti "ndionetseni," kapena tchulani mmodzi auze mnzake zimene tikukachita.

Kalipentala_Furankungo

Za "mwamva" zo ndaseka ndekha. Anyamata anga amavomera mwamphamvu kwambiri tsiku limene sanamve kalikonse.

Misita_wa_Domwe

Ndabwera ndi lipoti la Lachisanu. Anabwera ana 16, kamnyamata kaja kalipo. Ndinapanga magulu atatu a asanuasanu, mmodzi wotsala ankalowa mosinthana, mabwalo a mapazi 10, gulu lachitatu pa chikulunga. Ndinayamba ndi njira ya achemwali a ku Tsangano. Mwana wina wamtali anacheuka asanalandire, ndinakuwa dzina lake n'kuti "wayang'ana mpira usanafike, n'zimenezo!" Ena anayambadi kutengera. Kathu kaja ayi, kanalandidwa kawiri mofanana ndi kale.

Ndinalowetsa wotsala uja pamalo pake n'kukaitanira pambali, ndinanjuta. Kanabwera kakunjenjemera, kakuganiza kuti ndi zija zija. Ndinafunsa kuti wapakati anali kuti. Zii. Ndinawerenga mpaka 5, ndikuuzeni abale, 5 ameneyo ndi wautali ngati ulendo wa ku Tete. Ndinati loza. Kanaloza kumanja. Ndinati nanga malo opanda munthu anali kuti, kanaloza kumanzere, n'kunena motsitsa kuti "uko." Ndinati pita.

Tsopano vuto latsopano ndi ili. Kayamba kucheuka, koma kakumacheuka mpira uli pafupi kufika, ndiye kawiri konse mpira unadutsa pansi pa phazi n'kutuluka kunja. Kale sikankaphonya choncho. Koyamba ndinati "wayang'ana, ndaona," kachiwiri ndinangokhala chete posadziwa chonena. Kachitatu kanalandira ndi lakutali n'kupatsira bwino, kanandiyang'ana, ndinangokweza chala chachikulu. Ndiye ndakakonza kapena ndakaononga?

ChingaleMpakaKale

Mwaona? Mwana amaimitsa mpira bwinobwino, pano ukumudutsa. Mankhwala aposa matenda.

Atsikana_a_Tsangano

Ayi madala, n'mmene zimakhalira. Mwana akawonjezera chinthu chatsopano, chakale chimayamba chagwedezeka. Ine pamenepo sindinena kanthu za mpira wodutsawo kwa masabata awiri, ndimangoyamikira kucheukako. Mukangodzudzula kuphonyako, abwerera kozolika chifukwa n'kumene amaona kuti n'kotetezeka.

Aphunzitsi_Ulongwe

Simunakaononge. Koma apa ndisiyana pang'ono ndi achemwali. Masabata awiri ndi matereinu anayi, ndipo mwana akazolowera kucheuka mochedwa chidzakhalanso chizolowezi china chofunika kuchotsa. Kuphonyako sindingakutchule, zoona, koma nthawi yocheukira ndingaifunse Lachiwiri lomweli, funso limodzi lokha: "Nthawi yabwino yoyang'ana ndi iti, mpira uli kwa mnzako kapena uli panjira kubwera kwa iwe?" Mwana wa msinkhu umenewo ayang'ane mpira udakali kuyenda pakati pa anzake ena, kapena mnzake akadaukonza kuti amenye. Ukangonyamuka kubwera kwa iye, maso abwerere pa mpira. Akuluakulu odziwa amatha kucheuka mpira uli panjira, koma pa kampu ya mabampu, kwa mwana wa zaka 11, n'kumupempha zambiri.

Atsikana_a_Tsangano

Aphunzitsi, mwana ameneyu wangobwerera kumene atathawa. Kumutengeranso pambali tereinu yotsatira, anzake ayamba kuona ngati ndi wodwala wa misita. Ine ndingadikire.

Aphunzitsi_Ulongwe

Mfundo imeneyo ndaimva. Mwina alifunse kwa gulu lonse la asanuwo nthawi yomwa madzi, osatchula dzina la munthu.

Misita_wa_Domwe

Kufunsa gulu ndinayesa pomaliza penipeni, ndipo pali vuto lakenso. Ndili ndi anyamata awiri olongolola, funso lisanathe ayankha kale, ndipo amayankha zimene akudziwa kuti ndimakonda kumva. Chilichonse chimene ndingafunse, iwo "kuyang'ana, misita!" Ndikanafunsa kuti nsima yapsa kapena ayi akanati kuyang'ana.

Malasha_Mowatize

Amenewo ali paliponse. Ine ndimati aliyense auze kaye mnzake wapafupi, kenako ndimatchula ndekha woyankha. Kapena ndimati yankho ndi manja okha, pakamwa potseka. Olongololawo ndimawapatsa ntchito yoima kunja n'kuwerenga kuti mnzawo wacheuka kangati, amatanganidwa nazo mpaka kuiwala kuyankha.

Mai_a_Mapasa

Funso langa ndi lina. Inu mukuwaphunzitsa kuyankha akuluakulu pa kampu, akafika kunyumba n'kuyamba kuyankha agogo awo, tidzati walakwa ndani? Sindikutsutsa, ndikungofunsa, chifukwa wamng'ono wanga wayamba kundifunsa kuti "amayi mukuganiza kuti mukanapanga bwanji" ndikapsereza ndiwo.

Zobwe_Kabaza

Ndiye munayankha kuti chiyani mayi?

Mai_a_Mapasa

Ndinaloza chikuni.

ChingaleMpakaKale

Hahaha mayi ndinu a timu yanga. Koma a Misita, Lachiwiri mutiuze. Ngati mpira ukumudutsabe pansi pa phazi ndibwera ndekha ku Domweko ndi wenzulo wanga.

Misita_wa_Domwe

Bwerani madala, koma mubwere ndi mpira wa saizi 4, chifukwa gulu la pa chikulunga likudandaula kuti phazi lakutali silikugwira ntchito, mpirawo umaima wokha usanadutse thupi. Lachiwiri ndifunsa asanuwo pamodzi nthawi ya madzi, ndi manja okha, ndipo olongolola awiri aja akhala owerenga. Kamnyamatako sindikatengera pambali ulendo uno. Zitsononkho ndisiya pa mapazi 10 pomwepo, sanafikebe popatsirana kasanu ndi katatu.